Kalata yopereka webusaiti kwa mwini wake

Okondedwa Mayi,

Webusaiti ya malo anu ogona alendo yatha, ndipo dzulo madzulo ndaichotsa pakompyuta yanga n'kuiika pa seva. Tsopano aliyense wolemba dzina la webusaitiyi pafoni akuipeza. Ngati wina akuuzani kuti kwa iye sikutseguka, adikire kaye, poti dzina likangolozedwa ku seva yatsopano nthawi zina pamapita tsiku kapena awiri kuti matelefoni onse aizindikire.

Pali zinthu ziwiri zimene muzilipira, ndipo musazisokoneze. Choyamba ndi domeni, dzina lija anthu amalemba pofuna kukupezani. Chachiwiri ndi hositingi, malo a pa seva pamene pakukhala zithunzi za zipinda, mitengo ndi mauthenga a alendo. Zili ngati chikwangwani ndi nyumba ya lendi: mukhoza kusamuka nyumba n'kunyamula chikwangwani chanu, koma chikwangwanicho chikatengedwa ndi wina, alendo azikagogoda kwa iyeyo. N'chifukwa chake zonse ziwiri ndazilembetsa m'dzina lanu ndi imelo yanu, osati yanga. Tsiku limene mudzafune munthu wina wokuthandizani, simudzasowa kundipempha chilolezo.

Pa ziwirizi, chimene ndikukupemphani kuti muchisamale kwambiri ndi domeni. Imalipiridwa chaka ndi chaka, m'madola, kudzera pakhadi lanu la kubanki. Ndatchera kuti ndalama izichoka yokha, komabe khadi limatha nthawi yake, ndipo mwina banki imakana kulipira kunja. Zikatero kampani imatumiza makalata okumbutsa pa imelo, amene ambiri sawawerenga. Tsiku lolipira likadutsa, webusaiti imazima, imelo ya bizinesi nayonso imaleka kulandira makalata chifukwa imayendera dzina lomwelo. Dzina la `.com` ngati lanuli likakhala milungu ingapo osalipiridwa, kuliwombola kumadula kwambiri, ndipo pamapeto pake limamasulidwa kuti aliyense aligule. Tsiku lolipiralo ndalilemba papepala limene lili muenivelopu imene ndakupatsani. Likopereni pakalendala, ndipo muziyamba kuona za khadi kukadali mwezi wathunthu.

Muenivelopu momwemo muli mawu achinsinsi atatu: a domeni, a hositingi ndi a WordPress. Asintheni onse sabata ino kuti ngakhale ineyo ndisawadziwenso. Polowa mu WordPress, lembani dzina la webusaiti n'kuwonjezera `/wp-admin` kumapeto. Akaunti yanu ndi ya `Administrator`, yotha kusintha kapena kufufuta chilichonse, choncho musaibwereketse. Mtsikana wa pamalo olandirira alendo ndamutsegulira yake ya `Editor`, yomulola kusintha mitengo ndi zithunzi popanda kukhudza makonzedwe a mkati. Akadzasiya ntchito, mudzangofufuta akaunti yakeyo. Mumuuzenso kuti azichepetsa zithunzi asanaziike, chifukwa chithunzi chochokera pafoni chimalemera, tsamba limachedwa kutseguka ndipo mlendo amathera bandulo pachabe.

Tiyerekeze tsopano kuti mwadzuka m'mawa webusaiti sikutseguka. Musanandiimbire, yesani pafoni ina ya netiweki ina, mwina vuto ndi la intaneti yanu chabe. Ikakanabe, werengani mawu amene aoneka. Mukaona `DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN`, dzina silikupezeka, ndiye thamangirani kukaona ngati domeni inalipiridwa. Mukaona `NET::ERR_CERT_DATE_INVALID`, satifiketi yachitetezo yatha. Imeneyi ndi yaulere, yochokera ku Let's Encrypt, ndipo imayenera kudzikonzanso yokha isanathe. Ikalephera, alendo amachenjezedwa kuti tsambalo si lotetezeka n'kuthawa, koma kukonza kwake n'kwa mphindi zochepa. Mukaona `Error establishing a database connection`, dzina lili bwino, vuto lili pa seva, ndipo a hositingi ndiwo oyamba kuwalembera. Mulimonsemo, jambulani zimene mukuonazo munditumizire pa WhatsApp.

Seva imasunga yokha kope la webusaiti yonse, koma kope lokhala pamalo amodzi ndi webusaitiyo likhoza kutayikira limodzi nayo. Ndaika kope lina mufulashi imene ndakupatsani. Kamodzi pamwezi, tsitsani latsopano monga ndidzakuonetsereni, makamaka musanadine batani la `Update`. Batanilo musaliope, poti WordPress yosiyidwa yakalekale ndi imene akuba apaintaneti amalowerapo, koma kope lizikhala loyamba.

Monga tinapanganirana, chilichonse chimene chingavute pa zimene ndinapangazi ndikonza ulere kwa masiku 30 kuchokera lero. Tsamba latsopano, kapena njira yoti alendo azilipiriratu pafoni, ndi ntchito ina imene tidzakambirana mtengo wake padera. Ndibwera Lachisanu m'mawa kuti tidzasinthire limodzi mawu achinsinsi aja, choncho mtsikana uja adzakhalepo, ndipo foni imene imalandira imelo yanu idzakhale pafupi.

Ndine wanu,
Wokonza webusaiti