Chikwangwani changa chinkauza anthu kuti adwale: phunziro la kumasulira mawu okopera makasitomala

Sabata ino ndati ndigawane nanu nkhani ya silogani, mawu afupiafupi aja timalemba pachikwangwani, pagalimoto kapena patimapepala totsatsira malonda. Ine ndili ku Debeni, ndipo ndili ndi kashopu ka zakudya zakumudzi: ufa woyera, mpunga wa Kilombero, usipa, nyemba, chinangwa ndi mtedza. Zimene ndilembe pano ndinaziphunzira nditataya ndalama, choncho inu mungotola phunzirolo kwaulere.

Nditatsegula shopu, ndinaganiza mawu amene ndinkawanyadira kwambiri: "Gulani kwathu, mudye ngati kwanu." M'Chichewa amakoma ndithu. "Kwathu" ndi "kwanu" akuyankhana, ndipo Mmalawi aliyense akawerenga amakumbuka nsima ya amayi ake. Ndinalipira R650 kuti andilembere pachinsalu chachikulu, n'kuchipachika pakhomo.

Patapita masiku angapo ndinaona kuti anyamata a Chizulu akamadutsa akuloza chinsalucho n'kumaseka. Wina anachijambula ndi foni. Ine ndimvekere basi malonda ayamba kutchuka. Amene anandimasula m'maso ndi mayi wina wachikulire wogulitsa zipatso pafupi nane. Anandiitana n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, iwe ukugulitsa chakudya kapena matenda?"

Nkhani yake inali iyi. M'Chizulu, "ukugula" ndi kudwala. Munthu akati "ngiyagula" ndiye kuti akudwala, ndipo "gulani" ndi lamulo louza anthu ambiri kuti dwalani. Mawu athu oti "kwathu" amafanananso ndi awo oti "kwethu". Ndiye Mzulu amene sadziwa Chichewa ankawerenga kuti "Dwalani kwathu", pakhomo pa shopu ya zakudya. Kugula kwathu kuja iwo amati "ukuthenga".

Apa ndi pamene pali phunziro loyamba. Ife timaopa Chingerezi, poganiza kuti ngozi ili m'chilankhulo chimene chili kutali ndi chathu. Koma ngozi yaikulu ili m'zilankhulo zapachibale, monga Chizulu, Chishona ndi Chibemba, chifukwa mawu ake amamveka ngati athu pomwe tanthauzo linapatuka kalekale. Chikwangwani sichisankha wowerenga. Ngakhale mwalembera Amalawi okha, aliyense wodutsa adzachiwerenga ndi khutu la chilankhulo chake.

Taonani mmene mawu a malonda enieniwo amasinthira. Kwa ife "tengani" ndi kunyamula chinthu, mwinanso chaulere. Kwa Mshona "tengai" ndi gulani. "Kugona" kwathu ndi tulo, kwa Mshona "kugona" ndi kukhoza kapena kuchita bwino chinthu, pomwe kwa Mzulu "ukugona" ndi kukumbatira. Tikamati chinthu "chadula", Msutu amamva "dula", kutanthauza khala pansi. Ena ndi oopsa kuposa apa. M'Chibemba "ukukwata" ndi kukhala ndi chinthu, mawu abwinobwino a tsiku ndi tsiku, koma nonse mukudziwa kuti kwathu mawu amenewo sitiwatchula pamaso pa apongozi. Ngakhale makampani akuluakulu amakumana nazo. Galimoto ija timaidziwa kuti Pajero, kumayiko ambiri olankhula Chisipanishi inkagulitsidwa ndi dzina loti Montero, chifukwa dzina loyambalo kumeneko ndi mawu otukwana.

Nditatsitsa chinsalu chija, ndinaganiza zoti silogani ikhale m'zilankhulo zitatu, Chizulu, Chishona ndi Chingerezi, popeza makasitomala anga ambiri ndi amenewo. Apa ndinatsala pang'ono kulakwitsanso kachiwiri. Ndinapempha mnzanga wa ku Mangochi amene wakhala kuno zaka zambiri kuti andimasulire. Chizulu amachilankhula bwino, m'takisi simungamuzindikire. Iye anatsata mawu amodziamodzi n'kundipatsa kuti "Thenga kithi, udle njengakini."

Ulendo uno sindinathamangire kopulintitsa. Ndinalemba mawuwo pakapepala n'kupita nawo kwa mayi wazipatso uja, osamuuza zimene ndinkafuna kunena. Ndinangomufunsa kuti, "Mama, mawu awa mukawaona pashopu, mungamve kuti chiyani?" Anati mawuwo si olakwika, koma sangamukope. Anafotokoza kuti "kithi" ndi kwathu, kwa anthu a mtundu wathu, ndipo "kini" ndi kwanu, kwa anthu a mtundu wanu. Mawu amenewa akachokera pakamwa pa munthu wobwera, akumveka ngati akudula malire, ife uku, inu uko. Tonse amene tinali ku Debeni mu 2015, pamene anthu obwera ankathamangitsidwa, tikudziwa kuti mawu a "kwathu" ndi "kwanu" si oseweretsa m'dziko muno. Mawu amene m'Chichewa amakumbatira munthu, m'Chizulu anasanduka mpanda.

Phunziro lachiwiri ndiye limeneli: musamasulire mawu, masulirani lonjezo. Silogani iliyonse ili ndi chinthu chimodzi chimene ikulonjeza kasitomala. Musanapite kwa womasulira, khalani pansi mulembe lonjezolo m'chiganizo chimodzi chopanda zokometsera. Langa linali lakuti: chakudya cha muno ndi chija munthu anakulira kumudzi, osati cha m'mapaketi. Nditalemba choncho ndinaona kuti mawu oti "gulani" ndi osafunika n'komwe, pakuti munthu akaona shopu amadziwa kale kuti muli zogulitsa. "Kwathu" nayenso anali wongokometsera. Mtima wa nkhani unali kumudzi.

Ndinabwerera kwa mayi uja ndi funso lina. Sindinati andimasulire. Ndinati, "Mukanakhala inu mukugulitsa chakudya chonga chimene munkadya kumudzi muli mwana, mukanawauza chiyani anthu?" Sanachedwe kuyankha: "Ukudla kwasekhaya." Ndiye kuti chakudya cha kumudzi, cha pakhomo. Mawu oti "ekhaya" alibe ife ndi inu, aliyense amaikamo mudzi wake. Kasitomala wanga wa ku Masvingo nditamufunsa funso lomwelo anati "Chikafu chekumusha", pakuti "kumusha" ndiko kumudzi kwa Mshona. Pa Chingerezi ndinaika "A taste of home". M'Chichewa ndinangolemba kuti "Chakudya chakumudzi".

Muona kuti mizere inayi sikufanana liwu ndi liwu. Wachingerezi ukunena za kukoma, enawo akunena za chakudya. Kuyankhana kuja kwa "kwathu" ndi "kwanu" kunatayika, ndipo ndinadandaula. Koma pomasulira silogani pamakhala chotayika nthawi zonse. Chofunika ndi kusankha nokha choti chitayike. Kukoma kwa kamvekedwe kungapite, lonjezo lisapite.

Palinso nkhani ya ulemu. Kwathu simungalembe kuti "gula" kapena "bwera" pachikwangwani, anthu adzati mwiniwake ndi wamwano, chifukwa munthu wamkulu timamutchula ngati ambiri. Chishona chimachitanso chimodzimodzi, wamkulu amamuuza kuti "tengai" kapena "huyai". Chizulu n'chosiyana. Munthu mmodzi, ngakhale wamkulu, mukhoza kumupatsa moni kuti "sawubona", ndipo otsatsa malonda amalemba "thenga" popanda wokhumudwa. Ulemu wawo umaonekera kwambiri m'mawu ngati "mama" ndi "baba". Choncho musakakamize ulemu wa Chichewa m'chilankhulo cha eni, komanso musalole womasulira kuuchotsa pamene ukufunika. Njira yosavuta ndi imene ndinatsata ine, kupewa mawu olamula n'kungotchula chinthucho.

Tsopano nayi njira imene ndimatsata ndisanapereke ndalama kwa wopulinta. Ndikalemba lonjezo lija, ndimapita nalo kwa mwini chilankhulo, munthu amene anayamwira chilankhulocho, osati mnzathu amene anachiphunzirira kuntchito. Mnzathuyo amadziwa tanthauzo la mawu, koma fungo lake salimva. Zimene wandipatsa ndimapita nazo kwa munthu wachiwiri amene sanamve nkhani yonse, kuti andiuze m'mawu ake zimene wamva. Zikafanana ndi lonjezo langa, ndiye kuti tili limodzi. Zikasiyana, sindilimbana naye kapena kumufotokozera, chifukwa pachikwangwani sindidzakhalapo kuti ndizifotokozera aliyense wodutsa.

Kenako mzere uliwonse, kuphatikizapo wa Chichewa, ndimauwerengera mokweza anthu a zilankhulo zina za m'dera langa. Apa pamafunika anthu awiri osiyana. Wachinyamata amadziwa mawu a m'misewu amene asanduka zotukwana posachedwa, pomwe wachikulire amamva msanga mwano. Funso lake lizikhala lolunjika. Mukafunsa kuti "zili bwino?" aliyense adzati zili bwino, makamaka ngati mumamukongoza shuga. Ine ndimafunsa kuti, "Muli liwu lililonse muno lokhudza matenda, maliro, zakuchipinda, ndale kapena mtundu wa anthu?" Ndipo ndimayang'ana nkhope. Munthu akamwetulira kaye asanayankhe, kapena akaitana mnzake kuti adzaone, pali kanthu.

Chomaliza, ndimalemba mawuwo papepala wamba ndi cholembera chachikulu, n'kumata pakhomo sabata yathunthu. Pepala likalakwika mumangong'amba. Chinsalu, timapepala 500 kapena zolemba pagalimoto zikalakwika, ndalama yapita, ndipo chithunzi chake chimakhala chikuzungulirabe m'mafoni a anthu. Mukapita kopulintitsa, mupatseni wopulintayo mawu olembedwa kale pafoni, ndipo muone chitsanzo asanasindikize. M'Chizulu chilembo chimodzi cha h chimasintha liwu, ndipo wopulinta amene sadziwa chilankhulocho akhoza kuchichotsa osadziwa kuti waononga.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Anthu awiri kapena atatu sangaimire onse olankhula chilankhulo, ndipo Chizulu cha ku Debeni sichifanana ndendende ndi cha m'misewu ya ku Joni. Mukasamutsa bizinesi kapena mukatsegula nthambi kwina, yesaninso mawuwo kumeneko. Silogani yokhala ndi mwambi kapena nthabwala ndiye yovuta koposa. Imeneyo ndi bwino kuisiya m'Chichewa, pamalo amene owerenga ndi Amalawi okhaokha monga m'magulu athu a pafoni, ndipo pachikwangwani cha pamsewu muike mawu osavuta.

Chinsalu chakale chija sindinataye. Ndimafunditsira matumba a ufa kuseri kwa shopu, zolemba zitayang'ana pansi. Mayi wazipatso uja mpaka lero akandiona m'mawa amandifunsa ngati kwathu kukudwalitsabe anthu, kenako amagula nyemba zake.

Amene muli ku Harare, ku Lusaka, ku Kepi kapena ku Mangalande, tiuzeni mawu a Chichewa amene mwapeza kuti kumeneko amatanthauza zina, kuti wina asapachike chikwangwani ngati changa chija.