Apongozi Akufuna Tikamange Pamudzi Pawo

Funso: Amuna anga ndi mphunzitsi ku Dedza, ine ndimagulitsa kaunjika. Tasunga ndalama zogulira puloti, koma amayi awo akuti tikamange pamalo a makolo kumudzi kwawo. Ndikatsutsa, amuna anga amangoti zii. Nditani?

Yankho: Mayi, musalimbane ndi apongozi anu maso ndi maso. Woyenera kuyankha mayi ndi mwana wawo. Choyamba gwirizanani awirinu kuchipinda, kenako bambowo akanene okha kuti "taganiza zakuti", osati "akazi anga akukana".

Nkhawa yanu ndi yomveka. Malo a makolo amakhala m'manja mwa banja lonse, ndipo nyumba simungainyamule. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, komabe kukhala pakati pa abale amene sakukufunani ndi nkhani ina. Gulani puloti, ndipo pamapepala palembedwe maina anu nonse awiri. Malisiti a simenti ndi malata muzisunga.

Bambowo akapitiriza kukhala chete, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Kumudziko mudzamange kanyumba kofikirako, koma puloti iyambe.