Kujambula tchati cha mivi kuchokera m'notsi za kalasi

FUNSO

Wophunzira unamwino ndi uzamba wina wa ku Zomba walembera tsamba lino akudandaula. Akuti pa phunziro la kuthandiza khanda lomwe labadwa osapuma analemba notsi zambiri, ndipo zonse amazimvetsa akamawerenga. Koma akaimirira pa chidole chophunzirira, aphunzitsi akuyang'ana, mutu umaima: sadziwa ngati ayambe ndi kupukuta mwana, kudula mchombo kapena kutenga ambubagi. Akufunsa mmene angasandutsire notsizo kukhala tchati choti chizimukumbutsa choyamba ndi chotsatira.

YANKHO

Mlangizi wathu, yemwe amaphunzitsa anamwino, akuti notsi zimatsata mmene mphunzitsi amalankhulira, pomwe ntchito imatsata mmene khandalo likuonekera. Mphunzitsi amatha kuyamba ndi zomwe zimachititsa vutolo, kenaka zipangizo, n'kubwereranso m'mbuyo wina akafunsa funso. Choncho wophunzirayu asayambe ndi kujambula mabokosi. Ayambe wafufuza m'notsi malo onse omwe namwino amaima n'kudzifunsa funso lomwe yankho lake ndi inde kapena ayi.

Pa phunziro limeneli mafunsowo ndi ochepa. Kodi mwana akulira? Kodi akupuma bwino? Kodi chifuwa chikukwera pomupopera mpweya? Kodi mtima ukugunda koposa ka 100 pa mphindi? Funso lililonse lilowe m'bokosi looneka ngati dayamondi, ndipo mutuluke mivi iwiri, wa inde ndi wa ayi. Zochita zilowe m'mabokosi wamba, chochita chimodzi pa bokosi, m'mawu awiri kapena atatu: "pukuta mwana", "sisita msana". Zifukwa zake zitsale m'notsi.

Akatero tchati chimayenda motere. Pamwamba penipeni pali kukonzekera: kusamba m'manja, kupeza womuthandiza, ndi kuyesa ambubagi mwana asanabadwe. Mwana akabadwa, bokosi loyamba ndi kumupukuta thupi lonse n'kuchotsa nsalu yonyowayo. Pansi pake pali dayamondi yofunsa ngati akulira. Muvi wa inde upita kumanja: amugoneke pachifuwa pa mayi ake, amufunditse, aziona kapumidwe, ndipo adule mchombo pakapita mphindi 1 mpaka 3. Muvi wa ayi utsikira pansi: amusunge motentha, achotse zamadzimadzi m'kamwa ndi m'mphuno ngati zatseka njira ya mpweya, ndipo amusisite msana. Ngati sakupumabe, ayambe kumupopera mpweya ndi ambubagi, pafupifupi ka 40 pa mphindi.

Apa mlangiziyu akutsindika za nthawi. M'mbali mwa tchati wophunzirayu ajambule mzere kuchokera pa kubadwa kufikira pa bokosi la ambubagi, alembepo masekondi 60. Zonse za pakatipa ziyenera kutheka m'mphindi imodzi imeneyi, ndipo amene waona mzerewo sangatayenso nthawi n'kuyamwa mamina mobwerezabwereza mwana asakupuma.

Pomwe ophunzira ambiri amalakwitsa ndi pa dayamondi ya chifuwa. Amajambula muvi wa inde wokha, wa ayi n'kuusiya m'malere. Chonsecho m'chipinda chochilira ndi pomwepo pamene manja amanjenjemera. Muvi wa ayi uyenera kupita ku bokosi la kuitana thandizo, kenaka kukonza masiki kuti igwire bwino pakamwa ndi mphuno, kuwongola mutu, kuchotsa zotseka, kutsegula kukamwa pang'ono ndi kufinya ambubagi mwamphamvu pang'ono. Ukatero ubwerere ku funso lomwe lija, chifukwa namwino ayenera kuonanso ngati chifuwa chayamba kukwera. Tchati chopanda muvi wobwerera chotere n'chosatha.

Pofuna kudziwa ngati tchati chili bwino, wophunzirayu atsatire muvi uliwonse ndi chala. Uliwonse uzikathera pa chimodzi mwa ziwiri: mwana akupuma ndipo akuyang'aniridwa ali ndi mayi ake, kapena akupoperedwabe mpweya uku thandizo la akuluakulu likubwera. Akatha achiyerekeze ndi tchati cha Helping Babies Breathe, pulogalamu yomwe bungwe la madokotala a ana ku Amereka linayambitsa ndi mabungwe ena mu 2010, ndiponso awaonetse aphunzitsi ake. Pomwe pasiyana, atsatire malangizo ovomerezeka.

Kuti chilowe m'mutu, atembenuze pepalalo ajambulenso osaonera, ndipo bokosi lomwe waiwala alizungulize ndi inki yofiira. Kenaka apite pa chidole ndi mnzake wogwira wotchi, yemwe aziyankha mosinthasintha kuti "akulira" kapena "sakulira". Tchati sichiphunzitsa kugwira masiki osataya mpweya m'mbali. Zimenezo wophunzirayu akazizolowere pa chidole, aphunzitsi ali pomwepo, asanapite ku wodi.