Mtima Ukayamba Kudumphadumpha M'mawa, Musati ndi Matsire

M'chaka cha 1978 dokotala wina wa ku New Jersey, m'dziko la Amerika, dzina lake Philip Ettinger, analemba za odwala 24 amene ankafika kuchipatala mtima ukugunda mosokonekera. Anthuwa sanali odziwika kuti ali ndi matenda a mtima. Chimene ankafanana n'choti onse anali akumwa, ndipo anali atangopapira mowa wambiri nthawi imodzi. Ambiri ankagonekedwa pakati pa Lamulungu ndi Lachiwiri, kapena m'masiku a Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Mowa ukatha m'thupi mtima unkabwerera m'malo mwake, ena akakamwanso n'kudzabweranso ndi vuto lomwelo. Kuyambira pamenepo madokotala amati awa ndi matenda a mtima a pa holide.

Achimwene, kuno ku Mulanje holide yathu imabwera pafupipafupi. Ndi tsiku lolandira malipiro kuesiteti ya tiyi, ndi tsiku la msika pa Limbuli, ndi ukwati, ndi Loweruka lililonse pa Chitakale. Ndiye tiyerekeze kuti nkhaniyi ndi yanu.

Muli ndi zaka 46. Kuchipatala anakuuzani kale kuti muli ndi bipi, n'kukupatsani mapiritsi okodzetsa aja olembedwa HCTZ. Loweruka m'mawa mwasankha kusamwa mapiritsi poti munamva kuti mankhwala sasakaniza ndi mowa. Masana mwayamba ndi mabotolo, madzulo ndalama zitachepa mwatsikira ku kachasu. Kodi mukudziwa kuti mwamwa wochuluka bwanji? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamwa mopyola muyezo akamwa magalamu 60 a mowa weniweni pa nthawi imodzi. Botolo wamba la mamililita 330 lili ndi magalamu pafupifupi 13, kutanthauza kuti botolo lachisanu lakuwolotsani kale mzerewo. Kachasu ndiye alibe muyezo. Ukali wake umadalira wotcheza ndi botolo limene mwapatsidwa, ngati ndi la kumutu kapena la kumapeto.

Usiku umenewo simumva kanthu, ndipo chinyengo chili pomwepa. M'maola oyambirira mowa umatakasula mitsempha, bipi n'kutsika pang'ono. Koma pakadutsa maola 12 kapena kuposerapo, mowa ukamatha m'magazi, thupi limatembenuka: mitsempha imafinyika, mtima umathamanga, bipi imakwera kuposa pomwe inali. Mwa inu ikukwera popanda chotchinga, poti mapiritsi munawasiya pawindo. Onjezani kukodza kwa usiku wonse, kusanza, kusagona ndi kusadya. Madzi atha m'thupi, ndipo mchere wa potaziyamu ndi maginiziyamu, umene mtima umadalira kuti ugunde mwadongosolo, wachepa. HCTZ nayenso amatsitsa potaziyamu mwa anthu amene amamwa mapiritsiwa kwa nthawi yaitali, choncho mwina munayamba muli woperewera kale.

Lamulungu cha m'ma 9 koloko mukumva m'chifuwa muli phiriphiri. Mtima ukugunda ngati ng'oma ya tchopa imene woyimba wake wataya kayimbidwe: kawiri mofulumira, kenaka zii, kenaka katatu motsatizana. Chikuchitika n'choti zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima zaleka kufinya magazi, zikungonjenjemera, ndipo zipinda zam'munsi zikutsatira mwachisawawa.

Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Mukuti ndi matsire. Anzanu akuti matsire amachoka ndi mowa womwewo, mwaitanitsa kabotolo kena. Mutu ukuwawa, mwatuma mwana kugolosale kukagula bulufeni kapena dikilofenaki, osadziwa kuti mankhwala amenewa amakweza bipi komanso amavutitsa impso za munthu amene madzi amuthera. Kuti muchangamuke mwagwira chakumwa chopatsa mphamvu chija, chodzaza ndi kafini, ndipo mtima wothamanga kale mwaukwapulanso. Mayi a kunyumba akati tiyeni kuchipatala, mukuwakalipira kuti lero ndi Lamulungu, komanso mukuchita manyazi kukanunkha kachasu pamaso pa anamwino. Ndikufunseni: manyazi amenewo ndi aakulu kuposa kudzasambitsidwa ndi ana anu?

Sindikukokomeza. Zipinda zam'mwamba zikamangonjenjemera, magazi amaima m'kathumba kena ka kumanzere kwa mtima, ndipo magazi oima amaundana. Kachibuluma kameneko kakachoka kamatsata mtsempha wopita kuubongo n'kukatseka njira. Imeneyo ndiyo sitiroko. Munthu wa kagundidwe kosokonekeraka ali pa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu kuposa mnzake, ndipo bipi yosasamalidwa imawonjezera pomwepo. N'zoona kuti mwa ambiri mtima umakhazikika wokha pasanathe tsiku limodzi. Koma muli pamphasa kunyumba mudziwa bwanji kuti ndinu mmodzi wa ambiriwo? Ndipo Lachiwiri pakamwa pakapotoka, pamudzi adzayamba kuloza zala anthu osalakwa, za Loweruka zija palibe wozikumbuka.

Kusiyanitsa matsire ndi vutoli sikufuna makina. Khalani pansi mphindi zisanu. Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa mphindi yathunthu, osati theka. Mtima wa munthu wamkulu wopumula umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100. Matsire akhoza kuufulumizitsa, koma umagundabe molingana. Ukamadumpha, kugunda kwina kwamphamvu kwina kosamveka, ndipo simungathe kulosera kotsatira, amenewo si matsire. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati pali kupweteka kapena kupanikizika pachifuwa, befu mutangokhala, chizungulire chofuna kukomoka, kapena makina a bipi akuonetsa 180/120 kupita m'mwamba mutu uli waa ndi maso akuchita chidima, musadikire n'komwe kuti kuche. Pakamwa pakapotoka, mkono umodzi ukalemera, kapena mawu akayamba kukokeka, a pabanja asaganize kuti ndi kuledzera kwa dzulo. Apeze galimoto, ndipo asakukwezeni pa kabaza nokha.

Ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena ku Mulanje Mission akayeza bipi, akamvetsera mtima, ndipo chimene chimatsimikiza vutoli ndi kujambula kagundidwe ka mtima pa makina a ECG. Zikavuta amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko kanenani zoona. Musakati "ndinangolawa awiri." Kanenani zimene munamwa, nthawi imene munasiya, nthawi imene mtima unayamba kudumpha, ndi kuti mapiritsi munawalumpha. Ola limene vutolo linayamba limathandiza dokotala kusankha chochita. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapiritsi onse, ngakhale a kugolosale aja.

Mukatuluka, zina zidzadalira botolo. Ku Australia ofufuza anatenga anthu 140 akumwa amene anali ndi vutoli, theka n'kuwapempha kusiya mowa. Zotsatira zinatuluka mu 2020: m'miyezi isanu ndi umodzi vutoli linabwereranso mwa anthu 53 pa 100 alionse osiya, pamene mwa opitiriza kumwa anali 73. Ngati ndinu womwa tsiku lililonse, amene manja amanjenjemera m'mawa musanalawe, musasiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba, chifukwa mukhoza kugwa khunyu ndi kubwebweta. Auzeni adokotala tsiku lomwelo kuti akuthandizeni kusiya ali kukuyang'anirani.