Kuyerekeza Mwezi Uno ndi Mwezi Watha Mwezi Usanathe

Mwini chigayo kapena golosale safuna kudikira tsiku la 30 kuti adziwe m'mene malonda akuyendera. Amafuna kudziwa mwezi uli pakati, nthawi yokonza zinthu ikadalipo. Masiku ano ambiri amalemba ndalama za tsiku ndi tsiku m'foni kapena pa kompyuta, ndipo makinawo amatha kuyerekeza okha mwezi uno ndi mwezi watha. M'phunziro lino tiona m'mene amachitira, ndiponso pamene angatisocheretse.

Tiyerekeze kuti pa Bolero, m'boma la Rumphi, pali mayi wa chigayo. Lero ndi pa 13 Malichi 2025. Kuchokera pa 1 mpaka pa 12 Malichi, chigayo chalowetsa K240,000. Mwezi wa Febuluwale wonse chinalowetsa K520,000. Mayiyo akaika manambala awiriwa pamodzi, mtima ungamuwawe, chifukwa zikuoneka ngati malonda sanafike ndi theka lomwe. Komatu akuyerekeza masiku 12 ndi masiku 28. Zili ngati kuyeza chimanga cha m'munda umene mwakolola mizere yochepa ndi nkhokwe yodzaza ya chaka chatha.

Njira yoyenera ndi kudula mwezi watha pamalo pomwe mwezi uno wafika. Mayiyo atenge ndalama za pa 1 mpaka pa 12 Febuluwale zokha. Tinene kuti zinali K200,000. Tsopano akuona kuti malonda akwera ndi K40,000. Akagawa 40,000 ndi 200,000 apeza kuti pa K100 iliyonse ya mwezi watha paonjezeka K20. Kumeneko ndiye kukwera ndi 20 peresenti. Timagawa ndi ndalama za mwezi watha, osati za mwezi uno, chifukwa mwezi watha ndiwo poyambira pathu.

Mwina mwaona kuti tawerenga mpaka pa 12 pamene lero ndi pa 13. Tachita dala. Tsiku la lero nalonso silinathe. Mukaona manambala nthawi ya 10 koloko m'mawa, anthu ogayitsa madzulo sanabwere, pamene tsiku la 13 Febuluwale linalembedwa lathunthu. Choncho ndi bwino kulekezera dzulo mbali zonse ziwiri.

Kuti makina achite ntchitoyi okha, amafuna zinthu ziwiri: kaundula wolembedwa bwino ndi lamulo lowauza podula. Mu pulogalamu ya Excel kapena Google Sheets, tsamba limakhala la timabokosi. Mu mzere wotsika wa A mulembe madeti, mu mzere wa B ndalama za tsiku limenelo. Kenaka m'mabokosi D1, D2, D3 ndi D4 mulembe malamulo awa motsatana, kapena mupemphe mwana wa sukulu akuthandizeni kuwalemba kamodzi kokha:

```
=TODAY()-1
=SUMIFS(B:B,A:A,">"&EOMONTH(D1,-1),A:A,"<="&D1)
=SUMIFS(B:B,A:A,">"&EOMONTH(D1,-2),A:A,"<="&EDATE(D1,-1))
=(D2-D3)/D3
```

Musachite mantha ndi zilembozi. Lamulo loyamba limafunsa kalendala ya m'foni kuti lero ndi pa chiyani, n'kuchotsapo tsiku limodzi. Lachiwiri limaphatikiza ndalama zochokera kumayambiriro a mwezi uno kulekezera dzulo. Lachitatu limabwerera m'mbuyo mwezi umodzi n'kuphatikiza ndalama mpaka deti lomwelo. Lachinayi limachita samu yogawa ija, ndipo kwa mayi wathu lionetsa 0.2, kutanthauza 20 peresenti. Mawa kukacha, podula paja pasuntha pokha n'kufika pa 13 mbali zonse ziwiri. Palibe chimene mayiyo angasinthe, koma kungolemba ndalama za tsiku latsopano.

Makina amawerenga bwino, koma sadziwa za pa Bolero. Pali zinthu zimene mwini malonda ayenera kuziyang'anira yekha.

Miyezi siilingana kutalika. Dzulo likakhala pa 30 Malichi, makina amafuna pa 30 Febuluwale, tsiku limene kulibe. Amaima pa 28. Ndiye kuti akuyerekeza masiku 30 ndi masiku 28, ndipo Malichi aoneka wabwino kuposa m'mene alili. Kumapeto kwa mwezi kotere, gawani ndalama ndi chiwerengero cha masiku. K520,000 ya Febuluwale mukaigawa ndi 28 mupeza pafupifupi K18,600 pa tsiku. Ngati Malichi walowetsa K570,000 m'masiku 30, ndi K19,000 pa tsiku. Kusiyana kwa K50,000 kumaoneka kwakukulu, koma pa tsiku malonda angokwera ndi K400.

Masiku nawonso salingana mphamvu. Tinene kuti chigayo cha mayiyu chimadzaza kwambiri Loweruka. M'chaka cha 2025, masiku a pa 1 mpaka pa 11 Malichi anali ndi Loweruka awiri, pa 1 ndi pa 8. Masiku a pa 1 mpaka pa 11 Epulo anali ndi Loweruka mmodzi yekha, pa 5. Makina anganene kuti malonda atsika, chonsecho palibe chalakwika. Mukaona kutsika kumayambiriro a mwezi, tengani kalendala muwerenge masiku anu otentha mbali zonse ziwiri. Masiku akachepa, tsiku limodzi limakoka samu yonse, n'chifukwa chake nambala ya pa 3 mwezi si yoti munthu achotsere wantchito.

Nanga nyengo? Ku Rumphi anthu ambiri amalima fodya, ndipo ndalama zimayenda kwambiri msika wa fodya ukatsegulidwa ndiponso anthu akakolola chimanga. Febuluwale ndi mwezi wa njala, nkhokwe zili pansi. Ngati Meyi aposa Epulo, sikuti mwini chigayo wachita chanzeru, ndi nyengo chabe. Kuti aone ngati akukuladi, ayerekezenso ndi masiku omwewo a mwezi womwewo chaka chatha, ndipo akumbukire kuti mtengo wogayitsira ukakwera, ndalama zimakwera ngakhale ndowa zogayidwa zili zomwezo. Kulemba ndowa pambali pa ndalama kumathandiza kwambiri pamenepa.

Njira yodula nthawi pamalo ofananayi si ya amalonda okha. Nthambi ya boma yoona zanyengo imayeza mvula pa Bolero. M'nyengo ya mvula imatulutsa lipoti masiku khumi alionse, ndipo imaphatikiza mvula imene yagwa kuchokera pa 1 Okutobala. Mvula imeneyo amaiyerekeza ndi imene imagwa nthawi zonse pofika tsiku lomwelo, osati ya nyengo yonse.

Vuto limene limapweteka ambiri ndi tsiku losalembedwa. Magetsi akazima chigayo n'kukhala chosagwira ntchito, lembani 0. Koma ngati chinagwira ntchito inu n'kuiwala kulemba, makina amaona ngati simunapeze kanthu, ndipo amakuuzani kuti malonda atsika. Werengani mizere: pa 13 mwezi, payenera kukhala mizere 12 ya mwezi umenewo. Samalaninso kalembedwe ka deti. Makina ena akaona 3/12 amati ndi pa 12 Malichi, ena amati ndi pa 3 Disembala, ndipo ndalama za tsiku limenelo zimapita mwezi wolakwika. Bokosi D4 likaonetsa #DIV/0! ndiye kuti makina sanapeze ndalama za mwezi watha zoti agawe nazo.

Yesani samu iyi m'kope mwanu. Lero ndi pa 16 Juni. Kuchokera pa 1 mpaka pa 15 Juni golosale yagulitsa katundu wa K330,000. Mwezi wa Meyi wonse inagulitsa wa K640,000, ndipo pa 1 mpaka pa 15 Meyi inagulitsa wa K300,000. Kodi muyerekeza K330,000 ndi nambala iti? Malonda akwera kapena atsika, ndipo ndi maperesenti angati?