Kuya kwa Mazinga pa Makina a Lefi: Werengerani, Musaganizire

Kwa amisiri osema zitsulo a ku Kalikiliki, Mtendere ndi Kalingalinga

Makina a lefi amazunguza chitsulo, mpeni n'kumayenda m'mbali mwake kudula mazinga. Mazinga a mabawuti a mamilimita ali ndi ngodya ya madigiri 60. Pichi ndi mtunda wochoka pansonga ya zinga limodzi kufika pa linzake. Mukadziwa pichi, mwadziwanso kuya:

```
kuya = 0.613 × pichi
```

Chitsanzo

Bawuti ya M10 ili ndi pichi ya mamilimita 1.5. Kuya kwake ndi 0.92, ndipo pakati pa mazinga chitsulo chitsale chonenepa mamilimita 8.16. Gunditsani mpeni pachitsulo cha mamilimita 10, ikani dayalo pa ziro, ndipo lowetsani pang'onopang'ono: 0.30, 0.20, 0.15, 0.10, 0.07, 0.05, 0.03, 0.02, mukuthira mafuta. Nsonga ya mpeni muibuntheko ndi mwala wonolera. Ikakhala yosongoka kotheratu, mpata wa mazinga umachepa ndipo nati imakana ngakhale mwafika pa 0.92.

Vuto lomwe tikuliona

Amisiri ambiri amangolowetsa mpeni, n'kumayesa ndi nati yotola m'chitini mpaka italowa. Chonde lekani zimenezi! Nati yakutha imavomera mazinga osafika, ndipo kasitomala akagula yatsopano imakakamira. Ena ikakana amawonjezera kwambiri kamodzi n'kupitirira muyeso. Mazinga opitirira amadziwika: nsonga zake zimathwa mpaka kucheka chala, ndipo nati imagwedera. Pa shafuti ya chigayo, nati yotere imamasuka makina akamanjenjemera, kapena mazinga amapululuka pomanga ndi sipanala. Chitsulo chodulidwa sichibwereranso.

Kupitirira kwambiri kumachokeranso pa dayalo. Madayalo ena amawerenga mmene mpeni wayendera, ena amawerenga mmene chitsulo chachepera. Yesani anu lero pa kachitsulo kotaya: pimani ndi veniya, semani magawo a dayalo okwana 0.5, pimaninso. Chikachepa ndi 0.5, bawuti ya M10 ifuna 1.84 pa dayalo. Chikachepa ndi milimita yathunthu, imani pa 0.92. Mukapereka 1.84 pa makina achiwiriwa, mwakumba kawiri kuya kofunika, ndipo bawuti yapita. Musakhulupirire za mnzanu wa pashedi ina, chifukwa makina ake si anu.

Zofunika kugula

Geji yopimira pichi, geji yonolera mpeni pa madigiri 60, ndi nati zatsopano zoyesera. Mitengo imasinthasintha, choncho funsani m'mashopu angapo m'tauni, koma kawirikawiri sizidula kuposa kugulanso shafuti ndi kubwereza ntchito ulele.

Njira yowerengerayi ndi yabwino zedi! Masamu ake satha ndi mphindi imodzi pafoni, ndipo nati yatsopano imayenda ndi zala popanda kugwedera. Yambani kuyesa nati patatsala maulendo awiri omaliza. Lembani pakhoma pafupi ndi makina: M8 ndi 0.77, M10 ndi 0.92, M12 ndi 1.07.