Timiyala ta Salifeti m'Mabatire a Mtovu: Kodi Batire Lofooka Lingatsitsimuke?

Mau Oyamba

M'chaka cha 2019, madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, bungwe la ZESA linkazimitsa magetsi mpaka maola 18 pa tsiku m'madera ambiri a Zimbabwe, kuphatikizapo mzinda wa Bulawayo. Alimi a nkhuku ndi a ndiwo zamasamba a m'mphepete mwa mzindawu anadalira mabatire a mtovu ndi asidi kuti nyali ndi makina oswetsera mazira zisazime. Batire logwira ntchito motere limafooka msanga, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chimakhala salifeshoni. Ogulitsa ena amalonjeza kuti timakina tawo kapena mankhwala awo amachotsa vutoli, batire n'kukhalanso ngati latsopano. Phunziro lino likufotokozera alangizi chimene chimachitika m'kati mwa batire, ndi njira yoyesera lonjezo limeneli mlimi asanatulutse ndalama.

Kodi timiyalati n'chiyani?

Batire la 12 V lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi. M'chipinda chilichonse muli mapuleti a mitundu iwiri omizidwa m'madzi a asidi: ena ndi a mtovu wotuwa wonga siponji, ena ndi a mtovu wofiirira wosakanikirana ndi okosijeni. Batire likamapereka magetsi, mapuleti a mitundu yonse iwiri amayamwa salifeti kuchokera mu asidi, n'kupanga mchere woyera wotchedwa salifeti wa mtovu. Akatswiri amalemba motere:

```
Pb + PbO2 + 2H2SO4 -> 2PbSO4 + 2H2O
```

Tanthauzo lake n'lakuti mcherewu si matenda obwera kuchokera kunja ayi. Umapangika nthawi iliyonse imene mlimi wayatsa nyali, ndipo popanda iwo batire silingapereke magetsi. Ukangopangika kumene umakhala timiyala tating'ono kwambiri, tosalala ngati ufa. Potchaja batire, timiyalati timasungunuka, mtovu umabwerera m'mapuleti ndipo salifeti amabwerera m'madzi, asidi n'kukhalanso wamphamvu.

Vuto limayamba pamene batire lakhala masiku ambiri osadzaza. Timiyala tating'ono timasungunuka pang'onopang'ono n'kukamatirira pa tinzake tokulirapo, kotero kuti pakapita masabata m'mapuleti mumakhala timiyala tochepa koma tatikulu ndi tolimba. Amayi amadziwa kuti mchere wosinja umasungunuka msanga m'ndiwo, pamene wamibulu umachedwa. N'chimodzimodzinso m'batire. Kuwonjezera apo, mchere umenewu sudutsa magetsi, ndipo umatenga malo aakulu kuposa mtovu umene unachokerako. Motero umatseka timabowo ta m'mapuleti momwe asidi amalowera, ndipo ukachuluka umang'amba mapuletiwo. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi, ndiye chifukwa chake batire losiyidwa m'shedi ya malata m'mwezi wa Okotobala limawonongeka msanga.

Mmene batire limafera ndi njala

Tiyerekeze kuti mlimi wa ku Umguza ali ndi batire la 100 Ah, la mtundu wothiramo madzi, lolumikizidwa ku invita. Nyali zake ndi kamakina ka mazira zimakoka pafupifupi 3.5 A. Magetsi akazima maola 18, batire limatulutsa 63 Ah. Magetsi akayaka usiku kwa maola asanu ndi limodzi, tchaja ya 10 A singabweze zoposa 60 Ah, ndipo zina mwa izo zimatayika ngati kutentha ndi mpweya. Komanso batire likayandikira kudzaza limalandira magetsi pang'onopang'ono, kotero kuti gawo lomalizalo limafuna maola angapo palokha. Tsiku lililonse batireli limayamba ntchito lili ndi ngongole ya dzulo. Salifeti wotsalira m'mapuleti sasungunukanso, ndipo ndi ameneyu amene amauma.

Zomwezi zimachitika kwa mlimi wa sola amene panelo lake ndi laling'ono poyerekeza ndi katundu amene amayatsa, makamaka m'masiku a mitambo. Zimachitikanso ku batire la thirakitala kapena la pampu yopopera mbewu likaikidwa pakona kuyambira Meyi mpaka mvula ya Novembala, pakuti batire limataya mphamvu lokha ngakhale lisakugwira ntchito.

Kuzindikira vuto musanayambe kuchiza

Si batire lofooka lililonse limene lili ndi salifeshoni. Mlangizi afunika zida ziwiri: mita yoyezera magetsi, ndi haidiromita, kachubu kagalasi koyezera kulemera kwa asidi. Tchajani batire usiku wonse, lichotseni pa tchaja, lipume maola osachepera asanu ndi limodzi, kenaka yezani. Batire labwino lodzaza limaonetsa 12.6 V kapena 12.7 V, ndipo asidi wake amakhala pafupi ndi 1.265 m'zipinda zonse. Opanga ena amasiyanako pang'ono, choncho onaninso zolembedwa pa batirelo.

Batire la salifeshoni limadziwika motere. Mukalilumikiza ku tchaja, mphamvu yoonekera pa mita imakwera msanga ndipo tchaja imanena kuti ladzaza pasanathe nthawi, koma mukayatsa babu imagwa mofulumira. Asidi amakhala wofooka m'zipinda zonse mofanana, mwachitsanzo 1.170 kapena 1.180, chifukwa salifeti amene anayenera kukhala m'madzi watsekeredwa m'mapuleti. Nthawi zina mukasuzumira pa kabowo mumaona mapuleti atayera.

Zizindikiro zina zimaloza matenda osachiritsika. Batire likamaima pa 10.5 V litatchajidwa, ndipo chipinda chimodzi chili ndi asidi wofooka kwambiri pamene zinzake zili bwino, ndiye kuti mapuleti a m'chipindacho agundana. Madzi akuda kapena ofiirira mu haidiromita akusonyeza kuti mapuleti akuyoyoka. Chikhokhombe chotupa kapena chong'aluka ndi chizindikiro chakuti batire latha. Mabatire otere musawayese kuwatsitsimutsa.

Njira imene imathandizako

Njira yodalirika ndi yakalekale: kutchaja pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, kuti timiyala touma tipeze mpata wosungunuka. Imayenera mabatire othiramo madzi okha. Mabatire omata, olembedwa AGM kapena GEL, amauma akatchajidwa mopitiriza chotere, ndipo madzi ake sabwezereka.

1. Chotsani batire ku invita, ku panelo ndi ku katundu yense. Liikeni pa malo opita mphepo, kutali ndi moto ndi fodya, chifukwa limatulutsa mpweya wa haidirojeni umene umaphulika. Tetezani maso ndi manja.
2. Tsegulani zitsekerero. Ngati mapuleti ali pamtunda, thirani madzi otcheza a batire mpaka angomira. Madzi a pa mjigo ali ndi michere yowononga batire.
3. Tchajani ndi magetsi ochepa, 3 A mpaka 5 A pa batire la 100 Ah, ndipo lolani mita ikwere kufika 15.5 V kapena 16 V. Pafunika tchaja yotheka kuisintha ndi manja, pakuti yodzizimitsa yokha imaleka msanga.
4. Batire likatentha kufika madigiri 45, zimitsani, lizizire, kenaka pitirizani.
5. Lembani kulemera kwa asidi wa chipinda chilichonse maola atatu alionse. Malinga ngati manambala akukwera, salifeti akubwerera m'madzi. Akaima malo amodzi kawiri kapena katatu motsatizana, lekani. Kupitiriza kumangodya mapuleti. Ntchitoyi imatha kutenga tsiku limodzi kapena awiri.

Kodi mphamvu imabwereradi?

Yankho loona limapezeka poyesa nthawi imene batire lingayatse katundu, osati pa nambala ya pa mita. Batire lakufa limatha kuonetsa 12.6 V litangochoka pa tchaja, monga mmene chikho chodzaza ndi mgolo wodzaza zonse zimatchedwa zodzaza. Chimene mlimi akufuna kudziwa ndi kukula kwa chotengeracho.

Nambala ya 100 Ah imatanthauza kuti batire latsopano liyenera kupereka 5 A kwa maola 20 lisanatsike kufika pa 10.5 V. Babu ya galimoto ya 60 W imakoka pafupifupi 5 A, kotero ndi yokwanira kuyesera. Tibwerere ku batire la ku Umguza lija. Lisanachizidwe, tinene kuti babu yayaka maola asanu ndi awiri, kutanthauza 35 Ah. Litatchajidwa masiku awiri, asidi wakwera kuchoka pa 1.175 kufika pa 1.225 n'kuima pomwepo, ndipo babu yayaka maola 11, kutanthauza 55 Ah. Mphamvu yabwerako ndithu, koma asidi sanafike pa 1.265, ndipo batire likusunga zongopitirira pang'ono theka la mphamvu yake yoyamba. Akatswiri amawerengera batire kukhala lotha ntchito likatsika kupitirira 80 pa 100 ya mphamvu yake. Batire la 55 Ah lingayatse nyali ndi wailesi, koma silingakwanitse 63 Ah imene makina a mazira akufuna, ndipo usiku umodzi wozizira ungaphe mazira onse. Mukamaliza kuyesa, litchajeni nthawi yomweyo.

Chifukwa chimene mphamvu siibwerera yonse n'chakuti timiyala timasungunuka pokhapokha ngati tikukhudzanabe ndi mbali ya puleti yodutsa magetsi. Timene tinathothoka n'kugwera pansi, kapena timene tinang'amba puleti, tatayika mpaka kalekale. Choncho batire limene lakhala losadzaza kwa masabata ochepa, mapuleti ake ali bwino, limatha kubwerera pafupi ndi mwakale. Limene lakhala lopanda moto chilimwe chonse limabwerera pang'ono kapena osabwerera n'komwe.

Timakina ndi mankhwala

Timakina togunda batire ndi magetsi odukizadukiza, ndi matchaja okhala ndi batani lolembedwa REPAIR, sitibwezera mtovu woyoyoka. Pamene batire lachitako bwino pa timakinati, kumbukirani kuti lakhalanso pa tchaja masiku angapo, ndipo kutchaja kwautaliko pakokha kumathandiza. Wogulitsa akalonjeza zambiri, mupempheni kuti batire liyesedwe ndi babu lisanachizidwe ndiponso litachizidwa.

Kukhuthula madzi ndi kuthiramo asidi watsopano kumanyenga haidiromita, pakuti nambala imakwera pamene timiyala tikadali m'mapuleti, ndipo asidi wochulukawo amafulumizitsa dzimbiri la mapuleti. Mchere wa Epusomu ndi mankhwala ena othira m'zipinda sasandutsa salifeti wouma kukhalanso mtovu wogwira ntchito. Asidi wokhuthulidwayo amakhala ndi mtovu, umene ndi poizoni kwa ana, ziweto ndi madzi a m'zitsime.

Uthenga wopita nawo kwa alimi

Batire lidzaze kotheratu kamodzi pa sabata, ngakhale zitatanthauza kuzimitsa katundu tsiku lonse kapena kulipititsa kotchajitsa. Lisatsike kupitirira 12.2 V likamapuma, pakuti pamenepo ndi pa theka. Batire losungidwa m'chilimwe lichotsedwe mawaya, likhale pamthunzi, ndipo litchajidwe mwezi uliwonse kapena likangofika pa 12.4 V. Limene lalephera mayeso a babu libwezedwe kwa ogulitsa mabatire lili lotseka, kuti mtovu wake ukasungunulidwe m'fakitale.